Malinki okha sakukwanira: kalembedwe ka deta, mapulogalamu ndi khodi mu bibiliyogirafiya

"Zikomo aphunzitsi. Ndikumaliza monogirafiya yanga pa nkhani ya mvula ndi zokolola za chimanga m'midzi ya ku Domwe. Deta ya mvula ndinaitenga ku CHIRPS, kuwerengera ndinachitira mu R ndi lme4, ndinabwereka khodi ya munthu wina pa GitHub yodulira mapu a mvula, komanso ndili ndi deta yangayanga ya alimi amene ndinacheza nawo. Mu bibiliyogirafiya ndinangoika malinki. Supavaiza wandibwezera ntchito, akuti ndiike veshoni ndi DOI ya chilichonse. Defeza yayandikira. Zimenezi ndizipeza kuti, nanga zilembedwa bwanji? Kodi ndiyambirenso kuwerengera?" Wophunzira wa chaka chomaliza, ku Ulongwe.

Achemwali, mtima m'malo, simuyambiranso kanthu. Zambiri zimene akufunazo zili kale mu laputopu yanu, changotsala ndi kuzifukula n'kuzilemba. Koma musanapitirize kuwerenga, ndikupempheni chinthu chimodzi: musatsitse R watsopano, musasinthe phukusi lililonse, ndipo musafufute mafayilo amene munatsitsa, ngakhale a ZIP amene akuoneka ngati akungodzaza malo mu foda ya `Downloads`. Umboni wa zimene munagwiritsa ntchito uli mmenemo. Ophunzira ambiri akauzidwa za veshoni amathamangira kukaona pa intaneti veshoni imene ilipo lero n'kulemba yomweyo, pamene iwo anawerengera ndi ina ya chaka chatha. Kumeneko ndi kulemba bodza mosadziwa.

Buku likasindikizidwa limakhala momwemo, tsamba 40 la chaka chino ndi lomwelo zaka khumi zikubwerazi. Deta ndi mapulogalamu sizitero. Zimasintha pamene dzina ndi linki zili zomwezo. Inu a zaulimi mukudziwa thumba la mbewu yogula: pamakhala dzina la mtundu wa chimangacho, koma pa chikalata chosokedwa pakamwa pa thumba pamakhalanso nambala ya gulu limene mbewuyo inachokera, ndipo ikakanika kumera amafufuza ndi nambala imeneyo, osati dzina. Veshoni imagwira ntchito yomweyo. DOI nayo ndi nambala yosasintha imene imalondolera munthu ku chinthucho ngakhale eni ake atachisamutsira kwina, chifukwa iwo amakakonza kumene nambalayo ikuloza, nambala yeniyeniyo osaikhudza. Choncho mzere uliwonse wa mu bibiliyogirafiya yanu uyenera kumufikitsa wowerenga pa chinthu chenichenicho chimene inu munagwira, osati china chofanana nacho dzina.

Mwina mukuona ngati ndi kukokomeza, ndiye yesani izi mu R:

```r
set.seed(1)
sample(10)
```

Pa R wakale, wosafika 3.6.0, nambala yoyamba kutuluka ndi 3. Kuyambira pa R 3.6.0, amene anatuluka mu Epulo 2019, nambala yoyamba ndi 9, chifukwa anasintha njira imene `sample()` imasankhira. Ngati alimi anu munawasankha pa mndandanda wa mudzi ndi lamulo limeneli, munthu wobwereza ntchito yanu pa R wa mbali inayo apeza alimi ena, ngakhale atakopera khodi yanu osaphonya chilembo. Mu 2020 R 4.0.0 anasinthanso mmene `read.csv()` imawerengera mizati ya mawu, monga ya mayina a midzi, ndipo khodi yambiri yakale inayamba kuchita zina. Supavaiza wanu sakukuvutitsani chabe.

Tiyambe ndi R yemweyo poti ndiye wosavuta. Tsegulani R pa kompyuta imene munawerengerapo, osati ya mnzanu, n'kulemba:

```r
library(lme4)
sessionInfo()
citation()
citation("lme4")
citation("lme4", auto = TRUE)
```

Lamulo la `sessionInfo()` likuonetsani veshoni ya R ndi ya phukusi lililonse limene latsegulidwa. Zimene zatulukazo zikopereni zonse, muzisunge mu fayilo, ndipo ine ndimakonda kuti ziikidwe kumapeto kwa monogirafiya ngati chowonjezera, sizidzaza n'komwe tsamba limodzi. Lamulo la `citation()` likupatsani mzere wa R mwini, wolembedwa m'dzina la R Core Team, koma muonetsetse chifukwa kawirikawiri mzerewo umatchula chaka chokha, veshoni muwonjezere nokha.

Pa lme4 pali kamsampha. `citation("lme4")` ikupatsani nkhani ya Bates ndi anzake ya mu 2015, imene inatuluka mu Journal of Statistical Software, ndipo ili ndi DOI yake, `10.18637/jss.v067.i01`. Ophunzira akaona DOI amasangalala, amvekere ndapeza. Komatu DOI imeneyo ndi ya nkhani yofotokoza njira, osati ya pulogalamu imene inayenda pa kompyuta yanu, ndipo phukusili lakonzedwa kambirimbiri chichokereni 2015. Nkhaniyo ilembeni ndithu, ndiyo imene eni ake amapempha kuti itchulidwe ndipo ndi mmene amalandirira ulemu wa ntchito yawo. Veshoni ichokera pa lamulo lomalizalo, la `auto = TRUE`. Tiyerekeze kuti mwapeza R 4.3.2 ndi lme4 1.1-35.1. Mu chaputala cha njira mulemba kuti kuwerengera kunachitika mu R 4.3.2 ndi phukusi la lme4 veshoni 1.1-35.1, n'kutchula Bates ndi anzake 2015. Ngati supavaiza akufuna kuti phukusilo likhale ndi mzere wakewake, kuyambira mu 2024 CRAN, malo amene maphukusi a R amasungidwa, imapereka DOI ku phukusi lililonse, ndipo ya ili ndi `10.32614/CRAN.package.lme4`. Kungoti imeneyi imaloza tsamba la phukusi, limene limaonetsa veshoni ya lero, motero nambala ya veshoni isasowe pa mzerewo.

Wina akuuzani kuti malamulo a APA salamula kulemba R mu bibiliyogirafiya. Akunena zoona: buku lachisanu ndi chiwiri la APA limati mapulogalamu odziwika kwa aliyense, monga Word, Excel, SPSS ndi R, ndi okwanira kuwatchula m'kati mwa nkhani pamodzi ndi veshoni yawo. Ine ndimati Word ndi Excel asiyeni, koma R mulembeni. Ndi mzere umodzi, anthu amene amamukonza amapempha zimenezo, ndipo sindinaonepo ajuri akudula malikisi chifukwa chakuti munthu walemba R.

CHIRPS ndiye ifunika kukhalira pansi. Deta imeneyi imakonzedwa ndi Climate Hazards Center ya ku yunivesite ya California ku Santa Barbara. Amaphatikiza zithunzi za setilaiti ndi miyezo ya m'masiteshoni a mvula, imayambira mu 1981, ndipo kabokosi kalikonse ka mapu ake ndi ka madigiri 0.05, kutanthauza makilomita asanu ndi kakagawo mbali iliyonse. Nkhani yoifotokoza ndi ya Funk ndi anzake ya mu 2015 mu Scientific Data, DOI yake `10.1038/sdata.2015.66`. Apanso nkhani ndi ina, deta ndi ina, ndipo zonse ziwiri zilowe mu bibiliyogirafiya.

Munthu akangolemba kuti CHIRPS sananene zambiri, chifukwa pansi pa dzina limeneli pali zinthu zingapo zosiyana. Choyamba ndi veshoni: 2.0 ndiyo yagwira ntchito zaka zambiri, koma mu 2025 kunatuluka veshoni 3, ndipo manambala a mvula a malo amodzi ndi mwezi womwewo sangafanane ndendende pa ziwirizi. Wowerenga wa chaka chamawa akadzatsata linki yanu ya tsamba loyamba la CHIRPS n'kutheka adzatenga yatsopanoyo, apeze mvula ya ku Domwe yosiyana ndi ya mu tebulo lanu, ayambe kukukayikirani. Chachiwiri, pali deta yoyambirira imene imatuluka patangopita masiku ochepa, ndi yomaliza imene imabwera mwezi wotsatira akalandira miyezo yambiri ya m'masiteshoni. Amene anatsitsa mvula ya Febuluwale kumayambiriro kwa Malichi anatenga yoyambirira, afune asafune. Chachitatu, pali ya tsiku ndi tsiku, ya masiku asanu, ndi ya mwezi.

Mudziwa bwanji imene munatenga? Yang'anani mayina a mafayilo. Fayilo yotchedwa `chirps-v2.0.2023.01.tif` ikudziulula yokha kuti ndi veshoni 2.0, mwezi wa Januwale 2023. Ngati munatsitsa pa seva yawo, onani mu khodi kapena mu mbiri ya burawuza ngati adiresi yake inali ndi mawu akuti `prelim`, amene ndi chizindikiro cha yoyambirira ija. Ngati munadzera pa Google Earth Engine, tsegulani khodi yanu ya kumeneko muone dzina limene lili mu `ee.ImageCollection()`. Likakhala `UCSB-CHG/CHIRPS/DAILY` ndiye kuti ndi ya tsiku ndi tsiku, veshoni 2.0 yomaliza. Tsiku limene munatsitsa mulipeza podina fayiloyo ndi batani la kumanja n'kuona `Propriedades`, pokhapokha ngati mwakhala mukuisamutsa pa mafulashi, chifukwa kukopera kumatha kusintha masikuwo. Zikatero yang'anani mu Google Drive kumene Earth Engine inaitula.

Poti monogirafiya yanu ndi ya m'Chipwitikizi, mzere wake ungaoneke chonchi, tsikulo muike lanu:

```
Climate Hazards Center. (s.d.). CHIRPS Daily (Versão 2.0 Final)
[Conjunto de dados]. University of California, Santa Barbara.
Acessado em 14 de Março de 2024, via Google Earth Engine,
UCSB-CHG/CHIRPS/DAILY
```

Kumapeto kwake muike linki ya tsamba la detayo, osati ya tsamba loyamba la bungwe. Mukapeza kuti tsamba limene munatengapo likupereka DOI ya deta yeniyeniyo, ikani DOI m'malo mwa linki. Tsiku lotsitsira silifunika pa chinthu chimene chinatsekedwa ndipo sichisinthanso, koma pa deta imene ikukulabe mwezi ndi mwezi ngati iyi, tsikulo ndi gawo la umboni. Zina zonse, monga zaka zimene munadula, malire a dera, ndi mmene munaphatikizira masiku kukhala nyengo ya dzinja, malo ake ndi chaputala cha njira. Musazipanikize mu bibiliyogirafiya.

Tsopano khodi yobwereka ija, imene ndikuganiza kuti ndiyo ikuvuteni kuposa zonse. Linki ya GitHub si yokhazikika. Mwini wake atha kusintha khodi usiku uno, kusintha dzina la nkhokweyo, kuibisa, kapena kuifufuta, ndipo palibe amene angamuletse. Ngakhale malo osungira khodi amatha kutsekedwa: Gitorious inatsekedwa mu 2015, Google Code mu 2016, ndipo malinki ambiri a m'mabuku a nthawi imeneyo anafera pomwepo.

Yambani mwatsegula tsamba la nkhokweyo muone ngati mwini wake ananena kale mmene akufunira kutchulidwa. Ku dzanja lamanja kukakhala mawu akuti `Cite this repository`, ndiye kuti anaikamo fayilo ya `CITATION.cff`, ndipo mukadina pamenepo mupatsidwa mzere wa APA wokonzakonza. Onaninso mu `README` ngati muli kachizindikiro ka DOI, ndi pa `Releases` ngati pali maveshoni a manambala. Zikapezeka, mwapuma, koma muonetsetse kuti veshoni imene yalembedwayo ndi imene inu munatenga, poti fayilo ya `CITATION.cff` imanena za veshoni ya panopa, mwinanso mwini wake anaiwala kuikonza.

Khodi zing'onozing'ono zambiri zilibe zonsezi. Pamenepo chimene chimalowa m'malo mwa veshoni ndi nambala ya `commit`, ya zilembo ndi manambala 40, imene Git, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi, imapereka nthawi iliyonse mwini khodi akasunga zimene wasintha. Nambala imeneyi imawerengedwa kuchokera ku zimene zili m'katimo, motero khodi ikasintha pang'ono pokha, nayonso imakhala ina. Ngati munatenga ndi `git clone`, lowani mu fodayo mulembe lamulo loyamba pansipa. Koma ndikudziwa kuti ambiri timangodina `Download ZIP`, ndipo foda yotuluka mmenemo ilibe mbiri ya Git. Musataye mtima: GitHub imalemba nambala ya `commit` mu ndemanga ya fayilo ya ZIP yomweyo, ndipo lamulo lachiwirili limaionetsa.

```
git rev-parse HEAD
unzip -z dzina-la-nkhokwe-main.zip
```

Pa Windows, kutsegula ZIP imeneyo ndi WinRAR kumaonetsa ndemangayo pambali pa mndandanda wa mafayilo. N'chifukwa chake ndinati musafufute ma ZIP. Ngati inafufutidwa kale, kapena munangokopera khodiyo pa sikirini, tsegulani mndandanda wa `Commits` pa GitHub, mupeze yomaliza imene inachitika tsiku lanu lotsitsira lisanafike, mutsegule fayiloyo mmene inalili pamenepo n'kuyerekeza ndi yanu mzere ndi mzere. Zikafanana, nambala ndi imeneyo. Muli pa tsamba la fayilo pa GitHub, kudina chilembo cha `y` kumasintha adiresi ya pamwamba kukhala yokhala ndi nambala ya `commit`, ndipo imeneyo ndiyo linki yoyenera kulemba, osati yokhala ndi `main`.

```
Apelido, N. (2023). nome-do-repositorio (commit <zilembo 40>)
[Software]. GitHub.
https://github.com/conta/nome-do-repositorio/tree/<zilembo 40>
```

Chaka ndi cha `commit` imeneyo, osati chimene inu munatsitsira. Dzina la mwini likhale lenileni ngati analilemba penapake, ndipo ngati palibe lembani dzina la akaunti mmene lilili. Nambala ya `commit` imatsimikiza khodi imene munagwiritsa ntchito, koma siiteteza kuti isafufutidwe. Pa zimenezo pali Software Heritage, nkhokwe yaikulu yosunga khodi imene inayambitsidwa ndi bungwe la kafukufuku la ku France la Inria. Pa tsamba lawo pali `Save code now`: mumaikapo linki ya nkhokwe iliyonse yoonekera kwa onse, iwo amaikopera kwawo, ndipo mumapeza nambala yokhazikika yoyamba ndi `swh:1:`. Salipiritsa, ndipo si ntchito yotenga nthawi. Pa monogirafiya si lamulo, koma mukafuna kudzatumiza nkhani ku magazini ya sayansi, chitani.

Mosakayika khodiyo munaisintha, ngakhale pongoikamo malire a Angoniya m'malo mwa dera la mwini wake. Nenani zimenezo mu chaputala cha njira, kuti munatenga kwa uje n'kusintha zakutizakuti. Ndiponso musanaiphatikize ndi khodi yanu yoti muike poyera, onani fayilo ya `LICENSE`. Ikakhala ya MIT kapena GPL mutha kugawa potsata zimene laisensiyo ikunena. Ikakhala palibe laisensi, kuonekera poyera sikutanthauza kuti mwaloledwa kuigawa: itchuleni mu bibiliyogirafiya, koma mulembereni mwini wake kaye musanaiike kwina.

Deta ndi khodi zanuzanu zilibe DOI chifukwa palibe amene wazipatsa, ndipo woti achite zimenezo ndi inu. Malo osavuta ndi Zenodo, imene imayendetsedwa ndi CERN kuyambira mu 2013, yaulere, ndipo ma DOI ake amayamba ndi `10.5281/zenodo.` kenako manambala. Pali njira yolumikiza Zenodo ndi GitHub, yoti mukayatsa nkhokwe yanu pa tsamba la Zenodo, `release` iliyonse imene mupange pambuyo pake imalandira DOI yokha. Imagwira pa nkhokwe yoonekera kwa onse basi, ndipo siibwerera m'mbuyo kukatenga ma `release` amene munapanga musanayatse. Ngati simunazolowere Git, musaiphunzire sabata ya defeza. Ikani mafayilo mu foda imodzi, deta ikhale ya CSV, khodi ya R, zotuluka mu `sessionInfo()` zija, ndi kafayilo kofotokoza tanthauzo la mzati uliwonse ndi muyezo wake, ngati zokolola zili m'makilogalamu pa hekitala kapena m'matumba, ndipo ngati ndi matumba, a makilogalamu angati. Mukatero kwezani pamanja. Mafayilo oterewa ndi aang'ono, ngakhale netiweki ya pafoni ikwanitsa. Mapu a CHIRPS musawakwezenso, ali kale kwa eni ake, kwezani tebulo lokha la mvula limene inu munatulutsamo.

Fomu ya Zenodo imalola kutenga DOI musanasindikize, kuti muilembe mu monogirafiya ndi mu mafayilo momwemo. Ndi chinthu chothandiza, koma DOI yotero siigwira ntchito mpaka mutadina `Publish`. Ndaonapo ntchito yofika kwa ajuri ndi DOI yooneka bwinobwino imene siitsegula kanthu, chifukwa mwini wake anasunga fomu n'kuiwala kusindikiza. Chenjeraninso ndi tsamba loyeserera la `sandbox.zenodo.org`, limene limafanana ndi lenileni. DOI yoyamba ndi `10.5072` ndi yoseweretsa, siipita kulikonse.

Mukasindikiza, Zenodo ikupatsani ma DOI awiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ina ndi ya veshoni imene mwakwezayo. Inayo, imene imaoneka pansi pa bokosi la `Versions` pa mawu akuti `Cite all versions`, ndi ya ntchito yonse, ndipo nthawi zonse imatsegula veshoni yatsopano kwambiri. Tiyerekeze kuti mwakweza veshoni 1.0.0 lero. Pa defeza ajuri apeza kuti zokolola za alimi awiri zinalembedwa m'matumba pamene ena onse zili m'makilogalamu. Mukonza, muwerengeranso, mukweza 1.1.0, imene ilandira DOI yakeyake. Monogirafiya yomaliza yopita ku laibulale itchule DOI ya 1.1.0, chifukwa matebulo ake achokera mmenemo. Mukanalemba DOI ya maveshoni onse, bwenzi lero ikuloza bwino, koma mukadzawonjezera deta ya nyengo ina pa maphunziro a masitazi, wowerenga monogirafiya adzafika pa manambala amene sakugwirizana ndi matebulo anu. Ya maveshoni onse ndi yabwino pa CV. Langizo lomweli ligwiranso potchula deta kapena khodi ya anthu ena ya pa Zenodo.

```
Apelido, N. (2025). Precipitação e rendimento do milho em Dómuè:
dados e código (Versão 1.1.0) [Conjunto de dados]. Zenodo.
https://doi.org/10.5281/zenodo.NNNNNNN
```

Musanakweze chilichonse cha alimi, imani kaye. Chimene chasindikizidwa ndi DOI chinapangidwa kuti chikhalitse, ndipo veshoni yatsopano siifufuta yakale. Chotsani mayina, manambala a foni, ndi malo a GPS a nyumba kapena minda, aliyense mum'patse nambala. Kuchotsa dzina kokha sikukwanira: m'mudzi waung'ono mayi wamasiye wa zaka 70 wokhala ndi ng'ombe 12 amadziwika ndi aliyense, choncho zaka muziike m'magulu, ndipo mwina m'malo mwa mudzi mutchule dera lalikulupo. Bwereraninso ku mawu amene munawawerengera alimiwo popempha chilolezo. Ngati munawalonjeza kuti mayankho awo aonedwa ndi inu ndi sukulu basi, lonjezolo ndi lalikulu kuposa DOI. Zikatero Zenodo imalola kuti mafayilo akhale otsekedwa, `Restricted`, pamene mutu, kufotokoza ndi DOI zikuoneka poyera, ndipo supavaiza wapeza chimene amafuna popanda inu kuwagulitsa alimi. Ili si ganizo loti mupange nokha. Kambiranani ndi supavaiza, ndipo ngati kafukufukuyu ali pansi pa pulojekiti ina imene inalipira ulendo wanu wa kumidzi, afunseni eni pulojekitiwo, chifukwa mwina detayo si yanu nokha.

Simunatchule, koma ntchito ngati yanu nthawi zambiri imakhalanso ndi manambala opatsidwa pa fulashi ku SDAE, ofesi ya boma yoona zaulimi ndi zachuma, kapena ku INAM, bungwe loona zanyengo, mutapereka kalata ya sukulu. Amenewo alibe DOI, ndipo si udindo wanu kuwapangira kapena kuwaika pa intaneti. Atchuleni ngati deta yosasindikizidwa: ofesi imene inapereka, zimene zilimo, zaka zake, ndi tsiku limene munalandira, ndipo kalata ya chilolezo muisunge. Kalembera wa 2017 wa INE ndi wosindikizidwa, ameneyo mutchule buku kapena tebulo lenileni limene munatengamo nambala.

Mukamaliza kulemba, yesani mzere uliwonse kuchokera mu PDF yomaliza, osati mu Word. Koperani DOI iliyonse, muiike pambuyo pa `https://doi.org/`, muone kumene ikufikitseni, ndipo musakhutire ndi kutseguka kokha: werengani mutu ndi veshoni pa tsambalo ngati zikufanana ndi zanu. Mukaona `DOI Not Found`, kawirikawiri vuto ndi kadontho kotsekera chiganizo kamene kamamatira kumapeto kwa DOI, kapena mpata umene walowa pamene mzere unaduka. N'chifukwa chake APA siika kadontho pambuyo pa DOI. Ngati mumagwiritsa ntchito Zotero, onani mtundu wa chinthu chilichonse. Chimene munasunga kuchokera mu burawuza chimakonda kulowa ngati `Web Page`, ndipo mtundu umenewo ulibe malo a veshoni. Sinthani chikhale `Software` kapena `Dataset`, mudzaze veshoni pamanja, kenako muone ngati yatulukadi mu bibiliyogirafiya. Chomaliza, nambala ya veshoni ya mu chaputala cha njira ifanane ndi ya kumapeto. Ajuri akuthwa maso amayerekeza ziwirizi.

Zitsanzo ndaperekazi zatsata APA, koma sukulu iliyonse, kaya UniZambeze, UniPúnguè kapena ISPT, ili ndi kabuku kake ka malamulo a monogirafiya, ndipo pa zilembo zopendekera, malo a chaka ndi mawu a tsiku lotsitsira, kabukuko ndiko kakulamulani. Timabuku tambiri totere sitinena kanthu za deta ndi khodi. Ngati kanu kali chomwecho, tengani kalembedwe kake ka buku, muwonjezere veshoni, mtundu wa chinthu ndi DOI, musindikize mizere inayi kapena isanu pa pepala limodzi mukaonetse supavaiza kapena a ku laibulale musanakonze yonse.

Pali chinthu chimodzi chimene chingakubwezeni ku kuwerengera. Ngati mwapeza kuti R kapena lme4 zinasinthidwa kale pa laputopuyo chiwerengereni, kapena simungathe kutsimikiza CHIRPS imene munatenga, musalote nambala. Yendetsaninso khodi yonse lero ndi zimene zilipo, muyerekeze ndi matebulo a mu monogirafiya. Zikafanana, lembani maveshoni a lerowa, poti tsopano ndi amene atulutsa manambalawo. Zikasiyana pa manambala akutali a pambuyo pa kadontho, ikani atsopanowo m'matebulo n'kupitiriza. Koma zikasiyana moti chimene chinaoneka kuti chikukhudza zokolola tsopano sichikuoneka, kapena chiwerengero cha alimi mu modelo chasintha, pitani kwa supavaiza tsiku lomwelo ndi zotuluka zonse ziwiri, pamodzi ndi mphunzitsi wa sitatisitiki ngati alipo, masiku a defeza asanatsekedwe.